Madzi a buluu asanduka pepo papepala: ndingazionerenji ndisanatumize kosindikiza?

*"Ndimapanga makalendala, mapositala ndi timabuku pa laputopu yanga, mu Photoshop. Mwezi watha ndinapangira sukulu ina kalendala yokhala ndi chithunzi cha ana ataima m'mbali mwa nyanja. Pa sikirini madzi ndi mutu wa kalendalayo zinali za buluu wowala bwino, koma makalendala 500 atabwera zonse zinali pepo, nkhope za ana zili bii. Osindikiza akuti vuto ndi fayilo yanga. Pano sukulu yomweyo ikufuna kabuku ka pepala wamba kokhala ndi chithunzi chomwecho. Pali njira yoti ndizioneratu mmene chinthu chitulukire ndisanatumize?" — Mayi wa ku Mangochi*

Njira ilipo, achemwali, ndipo ili mu Photoshop yomwe muli nayoyo. Koma tiyambe ndi manambala, chifukwa mukamvetsa zimene zinachitikira buluu wanu, mabatani enawo sakuvutani.

Fayilo yanu mulibe mtundu. Muli manambala okhaokha. Mukasankha buluu wowala kwambiri, kompyuta imasunga `R0 G0 B255`, kutanthauza kuti sikirini iyatse nyale ya buluu yokha mpaka pamapeto. Makina osindikizira alibe nyale. Ali ndi inki zinayi, C ya buluu wobiriwirako, M ya pinki, Y yachikasu ndi K yakuda, ndipo buluu amamupanga pophatikiza C ndi M papepala. Ndiye penapake pamafunika womasulira woti anene kuti "buluu uyu wa nyale, pa pepala ili ndi inki izi, ndi C yochuluka chonchi ndi M yochuluka chonchi." Womasulirayo ndiye pulofayilo ya mitundu, kafayilo kothera ndi `.icc` kapena `.icm`. Imapangidwa posindikiza timabokosi tamitundu toposa 1,000 pa pepala linalake, n'kutiyeza ndi chipangizo kamodzikamodzi. Choncho pulofayilo iliyonse imanena za pepala la mtundu umodzi ndi kasindikizidwe kamodzi basi. Ya pepala losalala la gulosi singalankhulire pepala la bondi.

Ndikuganiza kuti munachita zimene ambiri timachita poyamba: munapita pa `Image > Mode > CMYK Color`, kapena munatumiza fayilo ya RGB, ya mitundu ya nyale za sikirini, osindikiza n'kusintha okha. Photoshop ikakhala mmene inabwerera, imamasulira ndi pulofayilo yotchedwa `U.S. Web Coated (SWOP) v2`, yomwe inapangidwira makina a ku America osindikiza magazini pa pepala la mpukutu. Buluu uja wa 255 akadutsa mmenemo amatuluka pafupifupi C88 M77 Y0 K0. Taonani kuyandikana kwa C ndi M. Kusiyana kwake ndi 11 yokha. Makina akangoonjezera M pang'ono, buluu amapendekera ku pepo. Buluu wa pa sikirini uja inki sizingamufikire n'komwe, ngakhale makina atakhala atsopano bwanji. Ndiye osindikiza anu sananame kwenikweni, ngakhale kuti akanatha kukuchenjezani asanawotche mapuleti, timalata timene makina amadindira inki iliyonse payokha.

Tsopano kabuku kanu. Musanatsegule Photoshop, imbirani osindikiza muwafunse zinthu zitatu: asindikiza pa makina a mapuleti kapena a tona, ufa uja wa m'makina a fotokope, pepala lake ndi lotani, ndipo amagwiritsa ntchito pulofayilo iti. Funso lachitatuli mwina akuyankhani kuti "ingotumizani CMYK, mayi." Musakhumudwe, zimachitika. Mayankho awiri oyambawo ndi okwanira kusankha pulofayilo yoyandikira. Ngati ndi makina a mapuleti pa pepala losalala, tengani `Coated FOGRA39 (ISO 12647-2:2004)` yomwe imabwera kale ndi mapulogalamu a Adobe, kapena `PSO Coated v3` yomwe ndi yatsopanopo. Kabuku kanu n'ka pepala wamba, ndiye kake ndi `PSO Uncoated v3 (FOGRA52)`, yomwe bungwe la ECI limapereka ulere, kapena `Uncoated FOGRA29` ngati simungathe kukopera ina. Pa Windows, mukaikopera mumangodina kumanja pa fayiloyo n'kusankha `Install Profile`. Mapulofayilo amenewa anayezedwa ku Ulaya pa makina osamalidwa motsatira muyezo wa ISO 12647-2, ndiye sikuti akuuzani ndendende za makina a osindikiza anu. Akuuzani zimene pepala la mtundu umenewo lingathe ndi zimene silingathe, ndipo mbali yaikulu ya vuto lanu ili pomwepo.

Tsegulani chithunzi cha ana chija chikadali RGB. Onetsetsani kuti chili ndi pulofayilo yake. Pansi pa windo, pa kamuvi kaja, sankhani `Document Profile`. Ikalemba `Untagged RGB` ndiye kuti manambala ake alibe mwini. Pitani pa `Edit > Assign Profile` muchipatse `sRGB IEC61966-2.1`, chifukwa zithunzi zambiri za m'makamera wamba zimakhala za sRGB. Ndiye pangani chinzake ndi `Image > Duplicate`, muziike ziwirizo pambalipambali. Chimodzi chikhale chokumbutsa mmene mumafunira, chinacho n'chogwirirapo ntchito. Pa chogwirirapo ntchitocho tsegulani `View > Proof Setup > Custom` mudzaze motere:

```
Device to Simulate: PSO Uncoated v3 (FOGRA52)
Preserve Numbers: [ ]
Rendering Intent: Relative Colorimetric
Black Point Compensation: [x]
Simulate Paper Color: [x]
```

Kuyambira pamenepo `Ctrl+Y` imayatsa ndi kuzimitsa chionetserochi. Fayilo yanu siisintha ngakhale pang'ono. Photoshop ikungomasulira manambala kupita ku inki, kenako kuchoka ku inki kubwerera ku sikirini, kuti maso anu aone zotsala.

Zimene muone sizikusangalatsani. Mukangochonga `Simulate Paper Color`, chithunzi chimaoneka ngati chagona panja usiku wonse. Koyera kumachita mbuu, kwakuda kumasanduka kotuwa, madzi amazilala. Anthu ambiri amafika pamenepa n'kunena kuti batanili ndi lowonongeka, n'kulizimitsa. Silinawonongeke. Pa muyezo wa kuwala woyambira 0 kufika 100, inki yakuda pa pepala losalala imatsika mpaka cha m'ma 16, koma pa pepala wamba imaima cha m'ma 30, chifukwa pepalalo limamwa inki ndipo silinyezimira. Kusiyana pakati pa koyera ndi kwakuda kumachepadi chomwecho. Chimene chimakunamizani ndi maso, chifukwa pafupi pomwepo pali zoyera za pa sikirini zowala kuposa pepala lililonse, ndipo diso limayerekeza ndi zimenezo. Ine ndimachita izi: ndimadina `F` kawiri kuti zonse zozungulira chithunzi zichoke, ndimayang'ana kumbali podina `Ctrl+Y`, ndimawerenga mpaka khumi, kenako n'kuyang'ananso. Pakatha kamphindi diso limazolowera, chithunzi chimayamba kuoneka ngati pepala losindikizidwa osati ngati sikirini yodwala.

Pa `Rendering Intent` pali mayina anayi, koma inu muziyesa awiri okha. `Relative Colorimetric` imasiya mitundu imene inki ingakwanitse ili chomwecho, ndipo yopitirira malire imaikankhira m'mphepete. `Perceptual` imafinya mitundu yonse pamodzi kuti kusiyana kwake kusungike, ngakhale kuti yonse imazilala pang'ono. Pa chithunzi cha nyanja nkhani ili pa mafunde. Ngati madzi ali ndi mitundu isanu ya buluu ndipo inayi ili kunja kwa malire, njira yoyamba ija ikhoza kuisandutsa yonse mtundu umodzi, madzi n'kuoneka ngati nsalu yoyala. Sinthanitsani ziwirizo mukuyang'ana madziwo. Imene ikusiyirani mafunde ooneka, tengani imeneyo, ndipo muikumbukire chifukwa mudzaifunanso pomaliza.

Palinso `View > Gamut Warning`, kapena `Shift+Ctrl+Y`, imene imapaka utoto wotuwa paliponse pamene mtundu wapitirira malire a inki. Ndi yothandiza kudziwa koyang'ana, koma musaitenge ngati lamulo. Siisiyanitsa pakati pa mtundu umene wangodumpha malire ndi chala chimodzi ndi umene uli kutali kwambiri. Yonse imaipaka mofanana. Ndaonapo anthu akuchepetsa mtundu mpaka kutuwa konse kutachoka, chithunzi n'kutsala chofooka kuposa mmene pulofayilo ikanachichitira yokha.

Kukonza kwenikweni kumachitika chionetsero chili choyaka. Tiyambe ndi madzi. Ikani leya ya `Hue/Saturation`, musankhe `Blues` m'malo mwa `Master`, mukankhire `Hue` pang'ono kumanzere, mwina 5 mpaka 10, kuti buluu apendekere ku mbali ya C achoke ku pepo. Kenako tsitsani `Saturation` pang'onopang'ono mpaka mafunde aonekenso. Musadalire maso okha. Tsegulani `Window > Info`, pa kachizindikiro ka kampopi kaja musankhe `Proof Color`, ndipo mukayendetsa mbewa pamadzi muziona manambala a inki amene adzapite papepala. Lamulo limene amisiri ambiri amatsatira ndi lakuti M ichepe ndi 30 kapena kuposa poyerekeza ndi C. Mukaona C90 M60, mtima ukhale m'malo. Mukaona C85 M78, pepo uja akubweranso.

Mutu wa kabuku musaupange mu RGB n'komwe. Mtundu wa malembo, mizere ndi mabokosi ulembeni nokha ndi manambala a inki mu pulogalamu imene mukuyalira masamba. C100 M70 Y0 K0 ndi buluu wolimba amene sakonda kusochera. Mukafuna woderapo onjezani K, mwina 20 kapena 30, osati M.

Nkhope ndiye pofunika kudekha, ndipo mabuku ambiri ophunzitsa ntchitoyi salankhulapo mokwanira za khungu ngati lathuli. Makina a mapuleti amasindikiza ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse kakafika papepala kamafufuma. Pa pepala losalala, malo amene munalemba 50 amatuluka ngati 64 kapena 66. Pa pepala wamba amapitirira 70. Pulofayilo yolondola imadziwa zimenezi ndipo imachepetseratu inki, n'chifukwa chake kugwiritsa ntchito ya pepala losalala pa ntchito ya pepala wamba kumadetsa chilichonse. Koma ngakhale pulofayilo ikhale yolondola, khungu lakuda limakhala m'chigawo chimene inki zonse zinayi zimaunjikana, ndipo pa pepala wamba chigawo chimenecho n'chopanikizika. Mwana woima chofulatira dzuwa m'mbali mwa nyanja, nkhope yake ili kale mumthunzi. Pa sikirini yowala mumaona maso, mphuno ndi masaya chifukwa nyale ikukankha kuchokera kumbuyo. Papepala zonsezo zimalowerera pamodzi.

Ikani leya ya `Curves`, mukweze pang'ono chigawo chapakati pa mdima ndi pakatikati, ndipo ngati kumwamba kwayamba kuyera mopitirira, pakani chigoba cha leyayo kuti kusinthako kugwire ana okha. Cholinga si kuyeretsa anawo, makolo awo sangakondwe kulandira ana a mtundu wina. Cholinga n'chakuti pakati pa chipumi, tsaya ndi pansi pa chibwano pakhale kusiyana kumene inki ingakuonetse. Yendetsani mbewa pa malo atatuwo mukuyang'ana `Info`. Ngati manambala akungofanana paliponse ndipo K yakwera pa nkhope yonse, papepala padzangokhala chikuda chimodzi. Onaninso kuti Y isatsike kuposa M, chifukwa M ikapambana khungu limafiira ngati lapsa, ndipo C ikachuluka limachita phulusa. Maleya onsewa aikeni mu gulu limodzi mulitche dzina la pepalalo. Tsiku lina sukuluyo ikadzafuna chithunzi chomwecho pa gulosi mudzangolizimitsa.

Zonsezi zimadalira chinthu chimene sindinachitchule, chomwe ndi sikirini yanu. Pulofayilo ya pepala ikhoza kukhala yabwino, koma ngati sikirini ikunama, mukuonera pa galasi lopindika. Bodza lalikulu la masikirini ndi kuwala. Malaputopu ambiri akatsegulidwa mpaka pamapeto amafika 250 cd/m² kapena kuposa, pamene oyerekeza ndi pepala amaika pakati pa 80 ndi 120. Njira yeniyeni ndi kachipangizo koyezera kamene mumakapachika pa sikirini, pulogalamu n'kumaonetsa mitundu, iko n'kumayeza, pomaliza n'kupanga pulofayilo ya sikirini yanuyo. Pulogalamu ya DisplayCAL ndi yaulere koma kachipangizoko n'kogula, ndipo popeza kuyeza kumangofunika mwa apo ndi apo, anthu angapo a ntchito imodzi akhoza kusonkherana kamodzi n'kumabwerekana. Ngati mulibe, chitani chotheka. Tsegulani tsamba loyera pa sikirini, gwirani pepala la bondi pambali pake masana m'chipinda chimene mumagwirira ntchito, mutsitse kuwala mpaka ziwirizo zifanane. Zimitsani `Night light` ya Windows. Ndipo dziwani kuti magetsi akathima laputopu n'kuyamba kuyendera batire, nthawi zambiri imadzichepetsera yokha kuwala, ndiye zimene munaweruza m'mawa ndi zimene mukuona madzulo si chinthu chimodzi. Nkhani za mitundu muziziweruza chaja ili pamoto, pa mpando womwewo, dzuwa lisakuwombani pa sikirini.

Pali malire ena amene kuyeza sikungawachotse. Inki ya C yokhayokha pa pepala losalala ili kunja kwa zimene sikirini ya sRGB ingaonetse, ndipo malaputopu otsika mtengo ambiri safika n'komwe pa sRGB yonse. Choncho madzi obiriwirako a m'mphepete mwa nyanja, aja oonekera mchenga pansi, nthawi zina amatuluka okongola papepala kuposa mmene sikirini inalonjezera. Apo manambala a mu `Info` ndi okhulupirika kuposa maso.

Mukakhutira, sungani fayilo ya RGB ndi maleya ake, ndipo pa kope lina pitani pa `Edit > Convert to Profile`, musankhe pulofayilo yomwe ija ndi `Intent` yomwe ija. Musasokoneze ndi `Assign Profile`. `Convert` imasintha manambala kuti mtundu usasinthe, pamene `Assign` imasiya manambala n'kusintha tanthauzo lake. Sinthani kamodzi kokha. Kuchoka ku CMYK ina kupita ku CMYK ina kumawononga zinthu mwakachetechete, ndipo ine zinandionekera. Chaka china ndinapanga kabuku ka mwambo wa ukwati, malembo ake ang'onoang'ono akuda, ndipo potulutsa PDF ndinalola kuti zonse zisinthidwe kupita ku pulofayilo ina. Malembo amene anali K100 anasanduka a inki zinayi. Pa sikirini ankaoneka akuda bwinobwino. Papepala, chifukwa mapuleti anasemphana ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, chilembo chilichonse chinali ndi kamthunzi kofiira mbali ina, ka buluu mbali ina, mayina a ankhoswe ngati ukuwawerenga utangodzuka. Ndinalipira ndekha kusindikizanso.

Vuto limenelo `Ctrl+Y` siingakuonetseni. Limaoneka mu PDF yomaliza. Itulutseni ngati `PDF/X-1a` kapena `PDF/X-4`, malinga ndi imene osindikiza amalandira, chifukwa mitundu imeneyi imanyamula dzina la pulofayilo imene munakonzera ntchitoyo. Ngati muli ndi Acrobat Pro, tsegulani `Print Production > Output Preview`, muchotse chochonga pa `Process Black`. Malembo onse akuda ayenera kuzimiririka. Akatsala ooneka, ndiye kuti ali pa mapuleti enanso. Pomwepo chongani `Total Area Coverage` mulembe 300. Nambalayi ndi kuphatikiza kwa inki zonse zinayi pamalo amodzi. Chakuda cha RGB chikadutsa mu SWOP chimatuluka C75 M68 Y67 K90, zomwe zikukwana 300 ndendende. `Coated FOGRA39` imalola mpaka 330, zomwe pepala losalala lingapirire koma la bondi ayi: inki siiuma msanga, imadinda kumbuyo kwa tsamba linzake, mithunzi imasanduka matope. Malo alionse amene awale ndi chenjezo pa 300 mu kabuku kanu akuuzani kuti mwina pali chithunzi chimene chinalowa ndi pulofayilo ya pepala lina.

Ngati osindikiza anena kuti kabukuko apanga pa makina a tona, zinthu zimasinthako. Tona imakhala pamwamba pa pepala, siimwedwa ngati inki, ndiye pulofayilo ya FOGRA52 ikhoza kukuopsezani kuposa mmene zilili. Makina oterewa amakhalanso ndi kompyuta yawoyawo imene imamasuliranso mitundu. Ubwino wake ndi wakuti tsamba limodzi silidula, ndiye pangani tsamba loyesera la A4. Ikanipo chithunzi cha ana chija, chokonzedwa ndi chosakonzedwa. Pansi pake ikani timabokosi tisanu ta C100, M yake ikhale 50, 60, 70, 80 ndi 90, kalikonse kolembedwa nambala yake. Onjezani mzere wa timabokosi ta K kuyambira 10 mpaka 100. Asindikize pa pepala lenileni la ntchitoyo. Mukalitenga, liyang'aneni pafupi ndi windo masana, osati pansi pa babu lachikasu kapena padzuwa lenileni. Muyezo wa osindikiza ndi kuwala koyera kwa 5000 K, K ameneyu ndi woyezera mtundu wa kuwala osati inki yakuda ija, ndipo kuwala kwa masana kumayandikirako kuposa babu lachikasu. Muona nokha bokosi limene buluu wayambira kupendekera ku pepo pa makina amenewo, komanso pamene K80, K90 ndi K100 zasiya kusiyana. Kenako bwererani pa sikirini, yesani mapulofayilo awiri kapena atatu pa fayilo yomweyo, muone imene ikufanana kwambiri ndi pepala lili m'manja mwanu. Imeneyo isungeni ndi batani la `Save` mu `Proof Setup`, muitche dzina la osindikizawo ndi pepala lake.

Pa makina a mapuleti tsamba loyesera lotere n'lodula chifukwa limafuna mapuleti akeake. Tsamba limene angakutulutsireni pa kapulinta ka mu ofesi mwawo ndi loonera zilembo zolakwika, si loweruzira mtundu. Pemphani kuti akuitaneni tsiku loyendetsa ntchito yanu, muone mapepala oyamba akutuluka. Woyendetsa makina angathe kutsitsa M pang'ono mukadali pomwepo, koma sangabweze mafunde kapena masaya amene munalibe kale mu fayilo.

Chotsala ndi a kusukulu aja. Mukawatumizira chithunzi pa WhatsApp kuti avomereze, adzachiona pa foni yowala kwambiri, buluu ali ngwee, ndipo adzayembekezera chomwecho. Tengani fayilo ya CMYK ija, muisinthe kupita ku sRGB pa kope lapadera, muwatumizire imeneyo, chifukwa mitundu yake yatsika kale kufika pa zimene inki ingathe. Koma ngati n'kotheka apititsireni tsamba loyesera lija pamanja, ahedi asayinepo kumbuyo kwake ndi deti, ndipo kope lina la tsamba lomwelo mukalisiye kwa woyendetsa makina.